Ndinati Musataye

Chithunzi chinabwera ndili pamakina, ndikupinda siketi ya kasitomala. Anatumiza ndi alamu anga, akazi a achimwene, amene tsiku limenelo ankakonza m'chipinda cha malemu amayi. Pabedi anali atayala mabokosi a mankhwala: a chifuwa, a BP, ndi awiri amene amayi ankamwa miyezi yomaliza, khansa itawalowa m'mafupa. Alamuwo ankafunsa kuti ataye kuti.

Ndinapita nacho kwa mayi wa pafamase, khomo loyandikana ndi shopu yathu. Anakulitsa chithunzicho ndi zala, nkhope yake n'kusintha. Anati awiriwo ndi mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu, wa mtundu wosungunuka pang'onopang'ono m'thupi. Deti inali itadutsa, koma sikuti mphamvu zatha. Munthu amene thupi lake silinauzolowere, makamaka mwana kapena wokalamba, ukhoza kumugonetsa mpaka kusiya kupuma. Choncho asaponye m'bini, ana amatola. Asathire m'chimbudzi, asawotche. Akhale m'mabokosi ake momwemo, pamwamba, potseka ndi loko, kenako onse, ndi otha ntchito omwe, abwezedwe kuchipatala kumene tinawalandira kuti akawonongedwe kumeneko.

Alamu anali atabwerera kwawo, ndiye ndinaimbira bambo, amene tsopano amakhala okha. Ine ndili kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Bambo anga sataya kanthu. Ali ndi chitini cha misomali yopindika, ndi china cha mabatire amene anafa ine ndili ku pulayimale.

"Bambo, mankhwala a amayi aja musataye."

"Ine kutaya? Unandionapo?"

Anaseka, koyamba chimwalirireni amayi. Ndinafotokoza za loko, za chipatala, za kuopsa kwake, ndinabwereza kawiri. Iwo ankangoti eya, eya, eya yemweyo amene amayankha khutu lili kuwailesi.

Loweruka alamu anapita kukawatenga kuti akawabweze Lolemba. Anatumiza chithunzi china. Kabati inali yokiya ndithu, koma m'bokosi limodzi la mofini munkasowa kapepala kathunthu ka mapiritsi. Ndinaimbira bambo nthawi yomweyo.

Bambo sanabise n'komwe. Anapatsa wosoka nsapato wa pakona, mnzawo wocheza naye masana, amene msana umamuvuta chifukwa chowerama.

"Unati musataye," anatero. "Nanga zinthu zabwino ziwolere m'kabati, mnzanga akulira ndi msana? Poti deti inadutsa, ndamuuza kuti azimwa awiriawiri."

Ndinakalipa, ndikuvomera, moti kasitomala amene ankayesa diresi anatuluka kuseri kwa katani zipi ili yosatseka. Ndinafunsa kuti anamupatsa liti. Anati dzulo madzulo, poweruka.

Ndinathamangira ku famase foni ili pakhutu. Mayi uja anasiya amene ankamugulitsa n'kulankhula yekha pafoniyo ndi alamu, amene anali pomwepo ndi bambo. Anati wina apite pompano akamulande wosoka nsapatoyo mapiritsiwo. Ngati wamwa kale, apite naye kuchipatala limodzi ndi bokosi, asadikire. Akamupeza akusinza, akuliza nkonono wachilendo, akupuma motalikitsa, asamusiye ati agone kaye. Jakisoni wobweza mphamvu ya mankhwalawo alipo, koma amafuna munthu afike nthawi ilipo.

Apite kuti? Foni ya wosoka nsapatoyo inabedwa kalekale. Bambo amadziwa timu imene amachemerera, amadziwa kuti tiyi amamwa wa shuga wambiri, komanso kuti akulera zidzukulu ziwiri m'chipinda chimodzi. Kumene amakhala sadziwa, amangoti ndi uko, kuseri kwa njanji. Ngakhale dzina lake lenileni salidziwa, chifukwa aliyense amangomutchula kuti Adokotala a Nsapato.

Zidzukuluzo n'zimene zinandithetsa mphamvu. Ndinakhala pabenchi ya makasitomala m'famasemo, tepi yoyezera idakali m'khosi, ndilibe chochita koma kuyang'ana foni. Achimwene anali atanyamuka kuntchito kuti akafunse khomo ndi khomo kuseri kwa njanjiko, kumene kuli nyumba zosawerengeka.

Chithunzi chachitatu chinafika. Pakona paja, kampando kake kanali komangidwa ndi tcheni kumtengo, bokosi la zida lili lokiya. Alamu analemba kuti mayi wogulitsa mayunitsi pafupi pomwepo akuti lero sanabwere, ndipo Loweruka sajomba.

Kenako bambo anaimba okha, chinthu chimene sachita. Ankapuma movutikira, akuyenda mumsewu, magalimoto akumveka.

"Amayi ako akamwa ankagona bwino," anatero. "Mwina wangogona."



"Eti, mwanawe? Wangogona?"

Ndinayang'ana mayi wa pafamase uja. Iye anali atayang'ana pansi.