Mlamu Wanga Sanali M'kope

Pa nkhani yolondola anthu ofuna kugula nyumba, ine musandiuze kanthu. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pa desiki ya pawindo, ndipo ndondomeko imene ofesi yathu yonse imatsata ndinaikonza ndine.

Lolemba ndimatsegula kope n'kugawa anthu patatu: otentha, ofunda, ozizira. Otentha ndi amene aonapo kale nyumba ndipo akufuna kusamuka msanga. Lachiwiri otentha ndi ofunda amalandira uthenga umodzi pafoni, umodzi basi, ndipo uzikhala ndi kanthu mkati: nyumba yatsopano yofanana ndi imene akufuna, mtengo umene watsika, kapena yankho la funso lawo. Zongoti "ndimati ndikupatseni moni" ayi, si agogo ako amenewo. Lachinayi ndimaimbira otentha okha, pa nthawi imene anasankha eni ake. Lachisanu ndimalemba zimene aliyense wanena. Amene wakhala chete milungu itatu amapita kwa ozizira, azimva za ine kamodzi pamwezi.

Zonsezi ndinaphunzitsanso mayi wina amene anasiya choko n'kubwera kwathu chaka chatha. Timangowatchula kuti Aphunzitsi. Ankalemba chilichonse chotuluka pakamwa panga, mpaka ndinkawamvera chisoni.

Koma chaka chino zinandiuma. Miyezi inayi osagulitsa ngakhale khola la nkhuku! Otentha anga ankayankha mwaulemu, "Zikomo achimwene, tiganizabe." Bwana anandiitana n'kutseka chitseko.

"Mwezi uno ukatha musanagulitse nyumba, desiki ija tipatsa wina. Mwandimva?"

Ndinamva, ndipo mantha anandigwira zenizeni. Koma ndinali ndi podalira: mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga. Miyezi itatu m'mbuyomo anandiuza kuti akufuna nyumba ya zipinda zitatu, yampanda, pafupi ndi sukulu. Ndinamuonetsa imodzi, anaikonda, kungoti khitchini inali yaing'ono. M'kope sindinamulembe. Munthu woti ndimadya naye Lamlungu lililonse ndimulembe ngati mlendo? Ndiponso ndinkaopa kuti ndikamamutumizira mauthenga, achemwali adzati ndikufuna kudyera pa abale. Ndinati akakonzeka anena yekha.

Ndiye Lamlungu lililonse tinkakhala pakhonde pawo n'kumakamba za mpira, za mafuta a galimoto, za mano a mwana wawo. Za nyumba, zii. Ine mumtima ndinkadzitama kuti uku ndiye kusavutitsa kasitomala.

Lachisanu lomaliza la mwezi ndinati basi, manyazi andipha, ndimuimbira lero. Ndisanagwire n'komwe foni, chitseko chinatseguka. Mlamu uyo, jekete la ku tchalitchi, achemwali pambuyo. Mtima wanga unachita kuvina. Ndinaimirira n'kukoka mipando iwiri.

"Alamu! Ndiye mwandidzidzimutsatu!"

Anandigwira chanza bwinobwino, n'kupitirira. Anakakhala pa desiki ya Aphunzitsi, pomwe mapepala a mgwirizano anali atayalidwa kale.

Ndinawatsatira. "Aphunzitsi, awa ndi alamu anga."

"Ayi?" Anadabwa moona mtima. "Anaimba pa foni ya ofesi inu mutapita kukaonetsa nyumba. Ndinafunsa ngati alipo amene akuwathandiza, anati palibe kwenikweni. Ndinayang'ana m'makope a tonse, munalibe dzina lawo. Paja munati munthu amene sali m'kope la wina aliyense ndi wa amene wayankha foni."

Ndinanenadi zimenezo. Ndinachita kuzilemba ndekha pa bolodi.

"Musakhumudwe alamu," anatero mlamu uku akufufuza cholembera m'thumba. "Ife timaona ngati nkhaniyi simukuifuna. Miyezi itatu osatifunsako! Ndiye kukukumbutsani tinkachita manyazi, timati tikuvutitsani pa tsiku lanu lopuma. Koma mayiwa, eee! Mlungu uliwonse kauthenga kamodzi, kogwira mtima. Za khitchini ndinangotchula kamodzi, mlungu wachitatu anatipezera ina ya khitchini yaikulu. Mukanaphunzirako kwa iwowa."

"Zoona achimwene," achemwali anawonjezera. "Odziwa ntchito amaoneka."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti anene amene anawaphunzitsa. Ndinawapukusira mutu. Zikanangowonjezera manyazi.

Bwana anatuluka kudzagwira chanza ogula. Ine anangondiyang'ana, kenako anayang'ana kalendala ya pakhoma, n'kubwerera mu ofesi mwake. Panalibenso chofunsa. Ndinatenga katoni ya mapepala a pulinta n'kuyamba kulongedza za m'madirowa.

Potuluka, mlamu anaima n'kuyang'ana katoni ija.

"Mukusamukanso inu?"

"Ntchito yatha, alamu."

Anagwira pakamwa, ndipo chisoni chinamugwiradi. Kenako anandisisita paphewa.

"Pepani kwambiri. Koma poti mukhala ndi mpata tsopano, makiyi akatuluka mudzatithandizeko kunyamula katundu."