Dzina la Marisela pa Chithunzi

Chithunzicho chinali chabwino, zimenezo palibe amene anatsutsa. Shondra Pettway ali pakati pa bwalo, dzanja lamanja litangotera pachibwano cha mnzake, thukuta likuuluka ngati wina wawaza madzi. Anachijambula ndi Marisela Quintanilla, mayi amene mkati mwa sabata amagulitsa mankhwala ku famase, Loweruka n'kumagwada m'mphepete mwa zingwe ndi kamera yake. Pangano lake ndi jimu yathu kuno ku Toledo linali lapakamwa: gwiritsani ntchito zithunzi zanga, koma dzina langa lizilembedwa, ndipo siginecha yanga yapakona musamaidule.

A Dombrowski, eni jimu, anaika chithunzicho pa tsamba lathu la pa Intaneti polengeza nkhonya za kumapeto kwa mwezi. Shondra ndiye anali wa nkhonya yotsekera, yaikulu pa zonse, koyamba m'moyo wake, pa msinkhu woti anzake ambiri anapachika kale magolovesi. Kona ya siginecha inali itadulidwa. Pansi analemba kuti, "Chithunzi: mwachilolezo cha Jimu ya Dombrowski." Kuseri kwa chithunzicho kunkalira nyimbo ya Dontrell, msuweni wa Shondra, ndipo za iyo analemba kuti, "Nyimbo si yathu, ulemu kwa mwini wake."

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Marisela anali atakajambulako ku jimu ina ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo a Dombrowski sakhululuka msanga.

Ine ntchito yanga ndi kumanga mabandeji m'manja mwa osewera. Ndinali ndikumanga dzanja lamanzere la Shondra pamene mkuluyo anatuluka mu ofesi, foni ili m'manja.

"Pettway, anzako onse agawana nacho kale chilengezochi pa masamba awo. Iwe wathyoka chala?"

Nkhonya zazing'ono ngati zathu zimayenda choncho. Anthu amabwera chifukwa awona pa tsamba la wosewera amene amamudziwa, ndipo wotsekera ndiye amayenera kukoka ambiri.

"Chala chili bwino, Kochi. Ndikudikira kuti mukonze mawu."

"Mawu ati?"

"Mwalemba kuti chithunzi ndi chanu."

"Zingwe ndi zanga, magetsi ndi anga, ngakhale dzanja lamanjalo ndinakuphunzitsa ndine. Iyeyo anangodina batani."

"Ndiye mukanadina inuyo. Tinaziona zithunzi zanu, Kochi. Munthu sadziwa ngati ndi nkhonya kapena ndi ng'ombe zikuwoloka msewu kuli chifunga."

Amene ankalumpha chingwe kumbali anaseka, kenako anakhosomola pofuna kubisa.

Shondra anapitiriza modekha, dzanja lili chitambasulire kwa ine. "Chithunzi ndi cha amene anajambula, pokhapokha mutamulemba ntchito kapena atakusainirani kuti wakupatsani. Marisela sanasaine kanthu. Anatibwereka, ndipo ananena mmene tingabwerekere. Mukalemba kuti mwachilolezo cha jimu, wa nyuzi akachifuna adzapempha kwa inu, n'kusindikiza dzina lanu."

"Wayamba liti za uloya?"

"Si uloya. Nanga nyimboyo, mwini wake simukumudziwa? Anakudyerani masoseji pa pikiniki yathu mpaka munadandaula. Munamupempha?"

"Ndalemba kuti si yathu. Ukufunanso chiyani?"

"Kunena kuti njinga si yako sikukupatsa ufulu woikwera. Muyambe mwamupempha. Akalola, dzina lake lilembedwe."

A Dombrowski anandiyang'ana ngati ndiwathandize. Ine ndinapitiriza kukulunga bandeji. Mkuluyu ndamudziwa kwa nthawi yaitali. Amatsegulira jimu ana opanda kolowera, nthawi yachisanu amawagulira majekete. Si munthu woipa, koma akaluma sasiya.

"Chabwino," anatero. "Ndimutaga pachithunzipo. Amene akufuna kudziwa adina, dzina lituluka."

"Ndani amadina?"

"Ndiye ndilemba mu ndemanga."

"Ndemanga zimakwiririka, ndipo wina akagawana nacho chithunzicho zimatsala m'mbuyo. Lilembedwe pamwamba pa mawuwo, asanafike pamene foni imawadulira. Ndipo mubwezeretse chithunzi chathunthu." Anatenga foni yake ndi dzanja lomwe ndinali ndisanamange, n'kuwerenga zimene anali atakonza kale. "Chithunzi: Marisela Quintanilla. Nyimbo: wopeka ndi woyimba Dontrell Pettway, yaikidwa mwachilolezo chake. Kalembedwe ndi mitundu ya chikwangwani: Lamont Fiske. Kutsogolo kwa dzina lililonse, dzina la tsamba lake. Basi."

"Mpaka Lamont? Amene uja ndinamulipira."

"Ngati munagwirizana kuti dzina lake lisatuluke, lichotseni. Munagwirizana?"

A Dombrowski anaika foni m'thumba.

"Tamvera, mwana iwe. Dzina la mayi ameneyo silidzaonekanso pa tsamba langa. Pofika Lachitatu ugawane nacho chilengezochi mmene chilili. Apo ayi, malo ako ndipereka kwa wina. Atsikana ofuna kutsekera alipo ambiri."

"Ndamva, Kochi."

Tsiku lotsatira Marisela anabwera pa nthawi ya chakudya chamasana, atavala yunifomu ya ku famase. Sanalowe. Anamuitanira Shondra panja poimika magalimoto, ine ndili pakhomo.

"Mchemwali, zisiye. Ndikhoza kudandaula kwa eni Intaneti aja, akachichotsa okha chithunzicho. Koma sindikufuna. Wavutikira nkhonya imeneyi, sudya n'komwe zimene umakonda."

"Ndiye akulande chithunzi ine ndili chete? Nkhope ili pamenepo ndi yanga."

"N'chithunzi chimodzi chokha."

"Chimene chinakufikitsa ku jimu ya kutsidya n'chiyani? Si dzina lako lomwe analiona pansi pa chithunzi?"

Marisela anayang'ana nsapato zake. "Uli ndi mutu wouma ngati Kochi wakoyo."

"Anandiphunzitsa ndi iye. Ndikupemphe kanthu. Ndilole ndiike chithunzi chathunthu pa tsamba langa."

"Umachita kupempha iweyo?"

"Ee, ndikupempha."

Analola. Dontrell nayenso analola pafoni, ataseka kaye kuti ndi koyamba munthu wa m'banja mwawo kumupempha chinthu asanachitenge.

Lachitatu masana Shondra anaika chithunzicho pa tsamba lake, siginecha ili pakona, dzina la Marisela ndi la Dontrell zili pamwamba. Chikwangwani cha Lamont sanachigwiritse ntchito, choncho sanamutchule. Za a Dombrowski sananenepo kalikonse, ndipo chilengezo chawo sanagawane nacho.

A Dombrowski anatuluka mu ofesi. Anapita pa bolodi loyera limene timalembapo oti amenyane, n'kufufuta dzina la Shondra ndi chikhatho. Pamalopo analembapo la mtsikana wina wa ku tauni ya Lima. Chilengezo chija anachichotsa pa tsamba, poti nkhope inali pamenepo sinalinso yotsekera.

Ena ankayembekezera kuti Shondra atenga chikwama chake azipita, ine ndemwe ndinaganiza choncho. Iye anayang'ana bolodilo mpaka mkuluyo atamaliza kulemba, kenako anakhala pabenchi n'kunditambasulira manja.

"Mangeni, achimwene. Molimba."

"Pettway," a Dombrowski anatero ali chitembenukire ku bolodi, "ukukonzekera chiyani? Ulibe nkhonya."

"Ndikudziwa, Kochi. Mukadzafuna kulemba mawu aja, ndili nawo mufoni."

Anavala magolovesi, n'kusankha thumba lolemera limene linapachikidwa pafupi ndi chitseko cha ofesi. Analimenya masana onsewo, unyolo wake ukulira, ndipo a Dombrowski sanatseke chitseko.