Mitengo Iwiri ya Dola

Banja lonse linali pakhonde likuswa mtedza dzuwa litapendeka pamene a Yeremiya anatulutsa invoisi, pepala la mtengo wa pampu, m'thumba la jekete. Chigayo chawo cha pa Kasakula chinali chitakhala chete milungu isanu, pampu ya injini itafa, ndipo anthu anali atayamba kuzolowera kukagayitsa kutsidya. Pampu yatsopano inali ku kampani ina ya kunja, pa madola 400. Chilolezo chogulira ndalama zakunja chinali chitatuluka, koma masiku ake ankatha mawa lake.

A Yeremiya, amene anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri asanapume, analengeza kuti ndalama zakwana: K1,000 ndendende, yomanga bwino m'mpango. Akazi awo, a Manesi, anangoti zikomo aphunzitsi, osadzutsa mutu.

Mwana wawo Elube, kalaliki wa pa esiteti ya fodya ku Mponela, anapempha kuona pepalalo. Anafunsa kumene anatenga mtengo wa dola. Bambowo anaonetsa kalisiti ka sabata yapitayo, pamene anasintha madola makumi awiri amene mng'ono wawo anatumiza kuchokera ku Amereka. Banki inawapatsa K2.50 pa dola.

"Pamenepo banki imagula kwa inu, ababa. Mawa ikukagulitsa kwa inu."

Anafotokoza kuti kuofesi kwawo analipira invoisi Lachiwiri, ndipo dola anaigula pa K2.56. Analemba pansi ndi kamtengo: madola 400 akhala K1,024. Kenaka anawonjeza K18 yolipirira kutumiza ndalamazo pa teleksi, makina otumizira uthenga kunja. Zonse K1,042.

A Yeremiya anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kufunafuna polakwika. Sanapapeze. Anadandaula kuti dola ndi imodzimodzi, ingakhale bwanji ndi mitengo iwiri tsiku limodzi.

"Nanga chimanga chija mumagula kwa anthu mu Meyi, mumawagulitsa mtengo womwewo?" anafunsa a Manesi.

Iwo anayankha kuti imeneyo ndi nkhani ina. A Manesi anavomera kuti inde ndi ina, poti pamenepo wodya phindu ndi a Yeremiya.

Koma K42 inali kusowabe, ndipo chilolezo china chikanatenga miyezi. A Yeremiya anayamba kutchula mayina a anthu oti angawabwereke, onse okhala kutali. A Manesi anawasiya afike dzina lachisanu, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha ndalama zawo za zitumbuwa. Anawerenga K42, nanena kuti pobweza idzakhala K45.

"Mayi a Elube, katapira m'nyumba mwanga?"

"Uwo ndi mtengo wogulitsira. Makwacha atatuwo ndi a teleksi, ndayenda kuchokera kuchipinda."

Elube anaseka mpaka mtedza unatayika m'lichero.

M'mawa mwake a Yeremiya anaima pasiteji, khadi lachipani lija ankafunsa pokwera basi lili m'thumba lakumtima, akudikira basi ya ku Lilongwe, kumene kunali banki. Ndalama anaziika m'mipango iwiri, yawo payokha, ya akazi awo payokha. Basi itatulukira pokhota, anagwira matumba onse awiri, n'kukweza dzanja.