Dzina la Che Makaiko pa Chikwangwani

Malemu Abiti Twahiri, Mulungu awapeputsire manda, anali munthu wosachedwa kunyoza. Akaona chinthu chosawakomera sankatalikitsa mawu ayi. Ankangotsonya, n'kukokera mpango pamphuno ngati pali chimene chawola. Kwa Malemia konse ankawadziwa choncho.

Chaka chimene anamwalira amuna awo, Che Makaiko, mwana wawo Rahema anabwera ndi nzeru. Akuti mpunga wa m'munda wa bambo ake usamapitenso kwa mavenda pa mtengo wolira. Azikapunthitsa okha kuchigayo, kupeta, kulongedza m'mapulasitiki, kumatapo kapepala ka dzina, n'kumagulitsa pamsewu wa Liwonde. Dzina lake likhale Makaiko.

Za bizinesizo Abiti analibe nazo ntchito. Chimene chinawagwira mtima ndi dzinalo. Sadaka ya amuna awo inali itangodyedwa kumene, koma anthu anali atayamba kale kunena kuti "kumunda kwa Rahema". Munthu wolima mmenemo moyo wake wonse, n'kuiwalika msanga ngati nkhuku yofa ndi chitopa! Ndiye Abiti anati dzinalo lilembedwe, aliyense wodutsa pamsewu aziliona.

Anapita awiriwo ku Malosa kwa Tisungeni, mtsikana wa ku Angilikani amene anali ndi kashopu kosindikiza makadi a ukwati ndi mapepala omata pa katundu. Abiti atangomuona anaweruziratu. Zikhadabo zopaka penti, thalauza, foni osaisiya m'manja. Ameneyu ndiye akonze dzina la Che Makaiko?

"Takulandirani anganga," anatero Tisungeni. "Mwaganiza mitundu yanji? Pamafunika itatu basi. Wina wapansi, wina wa zilembo, wina wongokometsera."

Abiti anamasula jumbo n'kutulutsa mkanjo wa malemu amuna awo, umene ankavala Lachisanu popita kumzikiti. Woyera mbee, pakhosi atapeta ndi ulusi wagolide. Anauyala pa tebulo, n'kukankha kapu ya tiyi ya mtsikanayo kuti italikire.

"Pansi poyera chonchi. Dzina la golide chonchi. Basi."

Tisungeni anadinadina pa kompyuta, dzina lija n'kutulukira. Abiti kuwerenga sankadziwa, koma chilembo choyamba cha dzina la amuna awo ankachizindikira, chija chokhala ngati mapiri awiri oyandikana. Anachiona chikuwala. Mtima unakhala pansi.

"N'zokongola, sindikukana," anatero Tisungeni. "Koma apa zikuoneka chifukwa kompyutayi ikuwala, komanso mwaiyandikira. Pa pepala golide ameneyu amatuluka ngati chikasu chotuwa. Chikasu n'chowala, choyera n'chowalanso. Diso limafuna china chikhale chodera, china chowala. Taonani."

Anadina kena kake, mitundu yonse n'kuchoka, kutsala zoyera, zakuda ndi zotuwa ngati chithunzi chakalekale. Dzina lija linangotsala ngati utsi.

"Umu ndi mmene timayesera. Chikazimirira apa, ndiye kuti munthu wa pa minibasi adzavutika kuchiwerenga."

"Nanga wachotseranji mtunduwo?" anafunsa Abiti. "Munthu uthire madzi pamoto, uziti nkhuni n'zoipa?"

"Amama, tamverani kaye," anatero Rahema. "Bwanji zilembo zofiira pa girini? Zimakongola zimene zija."

Tisungeni anayesa. Atachotsa mtundu, kufiira ndi kubiriwira kuja kunasanduka phulusa limodzimodzi. "Izinso ayi. Kudera kwake n'kofanana. Ndipo alipo azibambo ambiri amene mitundu iwiri imeneyi saisiyanitsa bwino. Koma dikirani, anganga, golide wanu tisamutaye. Ndamupezera pokhala."

Anatembenuza kompyuta uku akumwetulira ngati wagwira mbewa yonona. Pansi girini woderatu, pamwamba zilembo zagolide, zazikulu, zooneka ngakhale uli pakhomo.

Rahema anagwira pakamwa.

Mtsikanayo sankadziwa. Akanadziwira kuti, iye wa maliro a bokosi ndi nkhata zamaluwa? Nsalu imene inafunda pa jeneza, chonyamulira maliro a Chisilamu, tsiku limene anthu ananyamula Che Makaiko kupita nawo kumanda, inali yomweyo. Girini woderapo, malemba agolide.

"Mtsikana iwe," anatero Abiti, mawu ali pansipansi. "Amuna anga tinaika kale. Ukufuna ndiziwaika tsiku ndi tsiku pamsewu, pa kilo pa kilo?"

Rahema anamunong'oneza Tisungeni, mtsikanayo nkhope n'kugwa. "Pepani anganga, sindimadziwa. Tisankhe wina woderapo. Ulipo buluu, ulipo bulawuni..."

"Zodera zako khala nazo. Sukulu yonseyi, osadziwa nsalu ya maliro! Ulembe zimene ndanena."

Anapinda mkanjo wawo n'kutuluka. Tisungeni anasindikiza zimene anauzidwa. Jonasi, wolemba zikwangwani, anapenta thabwa lalikulu mofanana ndi mapepalawo, loyera ndi zilembo zachikasu chagolide, n'kulikhoma pa kashedi kawo ka pamsewu.

Tsidya lina la msewu kunali Lyness, nayenso wogulitsa mpunga. Chikwangwani chake chinali chonyansa zedi, zilembo zakuda zonenepa ngati zolemba ndi chikuni, pa thabwa la yelo. Abiti akachiyang'ana ankatsonya. "Ngati chenjezo la agalu olusa." Koma magalimoto ankachepetsa liwiro chapatali n'kukaima kwa Lyness. Kwa Rahema ankaima mmodzimmodzi, amene wapeza kuti kwa Lyness kwadzaza.

Mpunga wokha unali wabwino, umenewo palibe ankatsutsa. Fungo lake ukauphika, mpaka kwa aneba. Tsiku lina anatsika mayi wina wa ku Zomba, wa magalasi akuda ndi chikwama chonyezimira.

"Ndi pano eti? Mwezi watha ndinagula mpunga wonunkhira, wa kapepala koyera kopanda dzina kaja. Anzanga kuofesi akundifunsa kuti ndi wa ndani, ine ndikusowa chowauza."

"Dzina lilipo," anatero Abiti. "Vulani zakumasozo."

Mayiyo anavula, n'kuyandikitsa paketi kumaso, kuipendeketsa uku ndi uku. "Ma... Makoko?"

Abiti anamulanda paketi ija m'manja. Rahema ndiye anachita kumupepesa mayiyo mpaka kugalimoto.

Kuyambira pamenepo dzina linamera lokha. Akabaza, ana asukulu, ngakhale azimayi a kumzikiti, onse ankati "mpunga wa pepala loyera". Abiti anapeza olakwa ambirimbiri. Jonasi anasungunula penti kuti ina akapentere kwina. Anthu a masiku ano maso anatha ndi mafoni. Aphunzitsi sakuphunzitsa. Lyness wapita kwa asing'anga.

"Amama, si Lyness," ankatero Rahema. "Mtsikana uja ananena."

"Usanditchulire wa zikhadabo uja."

Ndiye linafika tsiku limene Abiti anapita ku Zomba kukaona m'bale wawo wodwala. Pobwerera anakhala pawindo la minibasi. Dzuwa lili paliwombo, lija la mwezi wa Okutobala. Anati lero ndidzionere ndekha mmene amaonekera abambo ake Rahema kwa munthu wapaulendo. Anayamba kuyang'ana ali patali. Cha Lyness anachiona, chonyansa chija, chikuchita kukuwa. Kenako thabwa loyera likuthobwa m'maso. Anafunafuna mapiri awiri aja. Anatsinzinira, anapukuta m'maso ndi mpango. Thabwa lokhalokha, ngati Jonasi anangopaka laimu n'kumapita. Minibasi inadutsa, iwo osanena n'komwe kuti atsika.

Anakatsikira kutsogolo n'kubwerera wapansi. Rahema atawafunsa za wodwala anangoti, "Ali bwino. Mawa tipite ku Malosa."

Tisungeni atawaona anabisa manja kuseri kwa tebulo. Abiti sanapepese, ndipo palibe ankayembekeza kuti angapepese.

"Tulutsa zodera zakozo. Girini ndisamuone."

Mtsikanayo anayala timapepala ta mitundu. Chakuda Abiti anakana, akuti si malasha akugulitsa. Buluu anakana, akuti anthu aziti ndi zachipani. Kofiirira kodera anakana, akuti magazi. Panatsala kamodzi, bulawuni woderatu.

"Ameneyu ndi zilembo zoyera zonenepa, dzina lioneka patali," anatero Tisungeni. "Golide wanu akhale kamzere pansi pa dzina. Iyeyo azikometsera, asanyamule mawu." Anachotsanso mtundu pa kompyuta muja. Dzina linatsala chilili, loyera pa mdima.

Rahema anayang'anitsitsa kapepala kaja. "Koma amama, mtundu umenewu si wa matope a kumunda? Mmene ankaonekera ababa miyendo akamachokera kowokera."

Abiti anatola kapepalako n'kukayandikitsa kumaso. Iwo ankafuna anthu aziona mwamuna wa Lachisanu, wosamba, wonunkhira mafuta, woyenda pang'onopang'ono ngati shehe. Osati wa matope mpaka m'maondo, amene ankamukalipira tsiku ndi tsiku kuti asaponde pamkeka. Koma wa Lachisanu uja pamsewu sankaoneka.

"Lemba," anatero. "Koma usaganize kuti wapambana. Ndi matope apambana, osati iwe."

Jonasi anapentanso thabwa, Abiti atakhala pambali pake kumuuza kuti sadziwa kugwira bulashi. Mapepala akale Rahema anawamatula onse.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina Abiti ali pa mpando wawo pashedi, minibasi yochokera ku Liwonde inatulukira. Kondakitala, mutu uli pawindo, malaya osamanga mabatani, anamenya chitseko n'kukuwa msewu wonse kumva.

"Makaiko! Otsika pa Makaiko! Makaiko alipo?"

Abiti anadzidzimuka. Chimwalirireni mwini wake, dzinalo anali asanalimve likutchulidwa mokweza choncho, ndiponso ndi munthu woti sanamuonepo. Anaimirira, n'kuyenda mpaka m'mphepete mwa phula.

"Iwe! Wopanda mwambo iwe! Unabadwa naye limodzi? Uziyamba ndi Che!"

"Pepani anganga, pachikwangwani sanalembe!" anayankha kondakitala, minibasi ikunyamuka.

Abiti anatsonya. Anabwerera pampando n'kukokera mpango kumaso, nthawi ino mpaka m'maso mwenimweni, ndipo Rahema anachita ngati sakuona. Anthu awiri amene anatsika aja anali ataima pashedi, akufunsa mpunga wa Makaiko.