Nsanja ya Lachitatu

Mkazi wa mphunzitsi ankagwira ntchito ku kampani ya mafoni, m'chipinda chozizira momwe amasungira zolemba za makasitomala: ndani waimbira ndani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ali pafupi ndi nsanja iti ya netiweki. Lamulo linali limodzi: popanda dandaulo la kasitomala kapena kalata ya khoti, nambala ya munthu sakhudza.

Koma nsanje, abale, imva lamulo? Bambo wa kunyumba anali atayamba kumwetulira foni ngati wapenga. Atafunsidwa, anadzitama kuti mauthenga a pa pulogalamu yochezera ya pa intaneti ndi otsekedwa, ngakhale a kampani sangawerenge. Ankanena zoona. Mkaziyo zinamuwawa koopsa, ndipo m'mawa mwake analemba nambala ya mwamuna wake pa kompyuta ya kuntchito.

Mawu sanaone ngakhale limodzi. Anangoona kuti Lachitatu lililonse, wani koloko, foni ya aphunzitsi inkachoka pa nsanja ya kusukulu n'kukakhala pa nsanja ya kuseri kwa depoti, kenako zii kwa maola awiri. Yemwe ankalemberana naye sankaoneka, koma tsiku lina intaneti itavuta, mkuluyo anaimba foni wamba. Masekondi asanu ndi anayi okha basi, nambala ya munthuyo poyera!

Anaitsata. Nayonso Lachitatu inkapezeka kuseri kwa depoti. Anadzitonthoza kuti nsanja imodzi imatumikira anthu ambirimbiri. Ndiye anayang'ana nambala ya foni yeniyeniyo, imene siisintha ngakhale usinthe simu. Simu yachilendoyo inkalowa m'foni yomwe masiku ena onse inkanyamula simu ya mng'ono wake wa mkaziyo, mtsikana yemwe ankamusunga pakhomo. Foniyo anachita kumugulira yekha.

Kunyumba ankawapatsira chakudya onse awiri mtima ukuwira, akumuyang'ana mtsikanayo khosi, zala, kasekedwe kake, n'kumadzifunsa chomwe ali nacho chimene iye alibe. Kukacha, ankatsegulanso zolembazo ngati munthu wotokosa chilonda.

Patatha milungu itatu, bwana wake anamuitana. Patebulo panali pepala: dzina lake, nambala zitatu zomwezo, maulendo makumi anayi ndi awiri, uliwonse ndi tsiku ndi mphindi yake. Kompyuta inkamulemba nayenso. Anayesa kunena kuti palibe uthenga wa munthu womwe anawerenga, koma bwanayo anangomufunsa ngati eni nambalazo amawadziwa.

"Mwamuna wanga ndi mng'ono wanga, bwana."

Bwanayo anaweramitsa mutu, komabe anamulanda khadi lolowera pakhomo. Kenako anamufunsa ngati aimbire wina wa kunyumba kuti adzamutenge.

Mkaziyo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Linali Lachitatu, hafu pasiti wani.

"Musavutike, bwana," anatero. "Nthawi ino onse awiri sayankha."