Mbale ya Phuma

Anthu a mumsewu wawo anayamba kumutcha Anesi asanamalize n'komwe sukulu ya unamwino, ndipo tsopano dzinalo linkamuwawa ngati nsapato yothina. Mayeso a chiphaso anali atalephera kawiri. Chipatala chimene ankagwirako ganyu chinamuuza mosapita m'mbali kuti akalepheranso ulendo uno, malo ake apatsa wina. Sabata yamawa ndiye inali ya mayeso, koma pepala loyeserera limene analemba dzulo lake linabwera lofiira ndi mitanda.

Loweruka masana anapita nalo kwa mkulu wake, mphunzitsi wa masamu, amene anamupeza akusita zovala mwana ali kumsana.

"Achemwali, ndatha ine. Ndiyambirenso mabuku onse? Nthawi yake iti?"

"Iwe, wodwala akabwera umangomumwetsa mankhwala onse a m'kabati? Yamba wadziwa chimene chikukudwalitsa."

Mkuluyo anazimitsa simbi, n'kutenga lumo ndi mbale zitatu. Funso lililonse limene Anesi analakwa analidula palokha. Mbale yoyamba inali ya zimene sakuzidziwa, yachiwiri ya mafunso amene anawawerenga molakwa, yachitatu ya phuma: njira ankaidziwa, koma dzanja linathamanga.

Ntchito inayamba bwino. Funso lina linkafuna chizindikiro chimene si cha matenda a shuga, koma Anesi anasankha chizindikiro chenicheni. Linapita m'mbale yachiwiri. Lina anapeza yankho lolondola pambali, n'kuchonga bokosi loyandikana nalo. Phuma limenelo. La katemera anavomera yekha kuti sanaliwerengepo.

Atafika pa mafunso owerengera mlingo wa mankhwala, Anesi ankangosuzumira pepala la mayankho n'kudzimenya pachipumi.

"Aaa, 0.5! Ndimadziwa ine. Kadontho chabe." N'kuponya m'mbale ya phuma.

Lotsatira chimodzimodzi, linanso chimodzimodzi. Mbaleyo inadzaza, ndipo mtima wake unayamba kukhala m'malo. Munthu amakonda kutchedwa waphuma kusiyana ndi mbuli. Phuma silifuna buku, limangofuna kulonjeza kuti mawa ndidzadekha. Anayamba ngakhale kuseweretsa kaphazi ka mwana kamene kanatulukira m'nsalu.

Mkulu wake sanaseke nawo. Anakhuthula mbaleyo patebulo n'kuyala timapepala tija mondondoza.

"Phuma lako ndi laulemu bwanji, lolakwitsa mofanana nthawi zonse? Pali ponse wachulukitsa kakhumi."

"Ndinkathamangira nthawi, achemwali."

"Chabwino. Pano palibe wotchi." Anatembenuza pepala la mayankho n'kulitsindira ndi simbi. Kenako anamasula mwana n'kumukhazika pamiyendo ya Anesi. "Uyu wadwala. Adokotala alemba mamiligalamu 80. M'botolo muli galamu imodzi m'mamililita 10. Umubaya angati? Dekha mmene ungathere, ndipo uziwerengera mokweza."

Anesi anadekhadi. Analemba mwaukhondo, anabwereza kawiri, pamene mwana ankakoka cholembera ndi timanja tonyowa ndi dovu.

"Mamililita 8."

"Wapeza bwanji?"

"Galamu imodzi ndi mamiligalamu 100, ndiye mililita iliyonse ili ndi 10..."

"Ndi 1,000, mng'ono wanga. Yankho ndi 0.8."

Anesi anafuna kunena kuti amadziwa, monga ankanenera nthawi zonse akaona yankho, koma ulendo uno likanakhala bodza. Sanathamange, sanawerenge molakwa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse chinthu chabodza, ndipo polephera maulendo awiri aja anadzikhululukira kuti ndi kadontho. Kuchipatala sankamulola kubaya payekha, ndipo iye ankadandaula kuti akumupondereza.

Anayang'ana mwanayo, kantchafu kake konenepa pamene jakisoni akanalowa. Mantha anamugwira, oposa a mayeso, oposa a ntchito. Anamukumbatira mwamphamvu mpaka mwana anayamba kulira.

"Ndikanamupha, achemwali."

"Papepala. Bola pamenepo." Mkuluyo anatambasula manja. Anatenga mwana wake, ndipo sanamubwezerenso pamiyendo ija.

Anesi anasonkhanitsa timapepala tonse ta mankhwala n'kutiika m'mbale yoyamba, kamodzikamodzi. M'mbale ya phuma anabwezeramo tiwiri tokha. Kenako anakoka pepala loyeserera lija, zidutswa zimene zinatsala zosadulidwa.

"Nanga amenewo ukuwatani? Si unakhoza?"

"Ena ndinangolota," anatero Anesi, misozi ikugwera pa mafunso okhala ndi chongi. "Ndipatseni lumo."