Chifukwa Chimene Asiyatu Anachokera ku Nsanjiko

"Tabwerezani, bambo. Mwati mwanayu akuchoka ku Nsanjiko chifukwa chiyani?" anafunsa Mayi Chimphepo, mphunzitsi wamkulu wa sekondale yoyendera ya Mtambalika, kufupi ndi Liwaladzi.

A Jamali anakonza chisoti chawo ngakhale chinali chitakhala bwinobwino. Anali msodzi wodziwika padoko lonse, munthu woti akakalipa pagombe anyamata amakoka khoka ngati awonjezeredwa manja. Koma muofesi yaing'onoyo mawu awo anachepa.

"Amayi ake akudwaladwala, Madamu. Tikufuna akhale pafupi, aziwathandiza."

Asiyatu, mwana wawo wachisamba, anakhala pabenchi pambali pawo, maso ali pansi. Anali wa Fomu 3, ndipo anali atavalabe siketi ya sukulu yogonera ya Nsanjiko ija. Mkono wake wamanzere anauphimba ndi nsonga ya mpango wake wakumutu. Njira yonse kuchokera kunyumba, bambo ake anamuphunzitsa zoyankha ngati mwana wa kumadrasa: amayi akudwala, basi, usaonjezepo kanthu. Amayiwo nthawi imeneyo anali kugombe, akuyanika usipa pathandala, mphamvu zili tayale.

Mayi Chimphepo anavula magalasi. Anali ataona makolo ambiri pabenchi imeneyo, ndipo bodza ankalimva fungo lisanafike pakhomo.

"Ndikuuzeni mmene zimayendera, kuti tisavutane. Ine ndiyenera kulemba kalata yoti malo alipo kuno. Mukapita nayo ku Nsanjiko, mphunzitsi wamkulu wakumeneko alembe yake yomumasula, aphatikizepo malipoti a mayeso ake ndi mbiri ya khalidwe lake. Zonsezo zipite ku ofesi ya Divishoni ku Kasungu. Iwo ndiwo amavomereza, osati ine. Ndipo amafuna chifukwa chomveka."

"Ndiye chifukwacho ndi chimenecho, Madamu."

"Chimenecho? Boma linasankha mwana wanu kupita kusukulu yogonera chifukwa anakhoza bwino Sitandade 8. Kuli labotale, kuli laibulale, kuli magetsi. Kuno Chemistry timaphunzitsa pabolodi ngati nthano, buku limodzi ana asanu ndi mmodzi. Anthu amandigwadira kuti ndiwathandize kukwera, inu mukufuna kutsika. Ndipo dziwani kuti akatsika, malo ake apatsidwa wina. Kubwerera kulibe."

"Tikudziwa."

"Ndiye ine ndilembe kuti mtsikana wanzeru achoke kusukulu yabwino kudzaphika phala ndi kuchapa? Dzanja langali? Ayi, bambo. Mulibe achemwali anu? Amayiwo alibe abale? Mwanayu abwerere kusukulu Lolemba."

Bodza limene analikonza kuti litsegule chitseko ndi lomwe linachitseka. Asiyatu anaganiza za hositelo ya ku Nsanjiko, za bedi lake lomwe linakankhidwira pafupi ndi khomo.

A Jamali anayesa njira ina. "Komanso kumeneko chakudya sichimuyanja. Nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku."

"Nyemba zofumbwa tinadya tonse, ndipo onani mmene ndinanenepera," anatero mayiwo, koma sanaseke. Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Iwe, tandiyang'ana. Ana otsika kuchokera kusukulu yogonera ndimawadziwa mitundu yawo. Wina ali ndi pakati. Wina anamugwira ndi chamba. Wina anaswa mawindo pa sitiraka. Iwe uli pati?"

"Subhanallah! Mwana wanga si wotero!" anadzuma a Jamali.

"Ndiye palibe chovuta. Mphunzitsi wamkulu wa ku Nsanjiko tinaphunzira limodzi. Ndimuimbire pompano."

Anatenga foni patebulo n'kuyamba kufufuza nambala. Panja ana a Fomu 1 ankabwereza china chake mokuwa. A Jamali anayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa pamalata.

"Madamu, musaimbe. Ndinena ndekha," anatero Asiyatu.

"Asiyatu!"

"Ababa, pepani. Akamva kwa ena, andiyesa wabodza mpaka ndidzamalize sukulu." Anatembenukira kwa Mayi Chimphepo. "Amayi sakudwala. Wodwala ndine. Ndili ndi khunyu."

Mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pa munthu aliyense wa m'nyumba ya a Jamali. Kwawo ankangoti "zija zamubwerera". Bambowo anaweramitsa mutu ngati awavula malaya pamsika.

Mayi Chimphepo anaika foni pansi. "Pitiriza."

"Zinayamba ndili Sitandade 6. Ndimamwa mapiritsi usiku uliwonse, ndipo timakatenga mwezi ndi mwezi kuchipatala cha kuboma. Ndikamamwa bwino ndi kugona mokwanira, ndimatha chaka osagwa. Popita ku Nsanjiko sitinauze aliyense, ngakhale a metironi. Ababa ankanditumizira mankhwala kudzera kwa kondakitala wa minibasi. Teremu yathayi misewu inaduka ndi mvula, mankhwala anachedwa. Kuti ndipemphe chilolezo chotuluka kukatenga ena, ndinayenera kunena chifukwa, ndiye ndinangokhala chete. Mayeso anali pafupi, tinkadzuka m'mbandakucha kukawerenga. Tsiku lina m'mawa ndinagwa pamzere wa phala."

Anasuntha mpango uja. Kuyambira pachigongono kutsika, khungu linali lotuwa ndi lokwinyika.

"Phala linanditayikira. Anzanga anathawa onse. Amati ukakhudza thovu la wakhunyu, nawenso uyamba kugwa. Ndinatsitsimuka ndili ndekha pasimenti, anthu atandizungulira chapatali ngati akuonera ng'ona yokodwa muukonde. Amene anandidzutsa ndi bambo wophika."

"Aphunzitsi anatani?"

"Sindiwanamizira, Madamu. Ananditengera kuchipatala, ndipo a hedi analankhula pa asembule kuti matendawa sapatsirana. Koma a hedi sagona kuhositelo. Mbale yanga anaiika payokha. Amene ndinkagona naye bedi losanja anasamuka. Ndinayamba kuopa kugona, poganiza kuti ndikagwa usiku ndani andiyandikire. Kusagonako kunandigwetsa kawiri kena. Mukaona lipoti langa musadabwe: ndinkakhala nambala 4, pano ndili 38. Masamu ndalephera."

Anaphimbanso mkono uja, n'kupitiriza.

"Sukuluyo ndi yabwino, ndipo ndikudziwa chimene ndikutaya. Ndalira nayo usiku wambiri. Koma kuno ndizigona kwathu, mankhwala ndizikatenga ndekha, ndipo ndikagwa pali anthu amene sandithawa. Ndikufuna ndilembe Fomu 4 ndili moyo. Chifukwa changa ndi chimenecho."

Mayi Chimphepo anavalanso magalasi awo, mwina pofuna kubisa maso.

"Buku lakuchipatala lilipo?"

Asiyatu anayang'ana bambo ake. A Jamali anazengereza, kenako anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kabuku kokutidwa m'pepala la shuga. Mayiwo anatsegula masamba, akuwerenga madeti ndi zidindo.

"Ichi ndiye chifukwa chimene a ku Kasungu amachimva msanga. Mukapemphe adokotala akulembereni kalata yaifupi, tiphatikize. Tichite changu, chifukwa akalowa Fomu 4 mayina apita ku MANEB, ndipo akalembetsedwa ku Nsanjiko, kusintha senta ndi mlandu wina. Geography ndi Biology tili nazo. Physics mphunzitsi wake tikudikirabe, uziyamba wawerenga wekha." Anatenga pepala, koma cholembera anachigwira m'mwamba. "Chatsala chimodzi. Aphunzitsi anga onse ayenera kudziwa. A m'kalasi mwake nawonso."

A Jamali anaimirira. "Zimenezo ndiye ayi! Madamu, ana a pano ndi a m'mudzi mwathu. Mukauza kalasi m'mawa, pofika swala ya masana kumzikiti nkhani ili padoko. Mwanayu ndi wamkazi. Adzamufunsira ndani? Ang'ono ake adzawafunsira ndani? Ndabisa zaka zonsezi kuti anthu asamuloze chala."

"Ndipo mkono uwo wapsa ndi kubisa komweko," anayankha mayiwo. "Mukabisa matenda, maliro adzaulula. Mjigo wathu umafa kawirikawiri, ndipo ukafa atsikana amakatunga madzi okolopera kunyanja. Mphunzitsi wosadziwa amutuma ndi ndowa. Akagwera m'madzi ofika m'mawondo okha, anzake n'kuthawa, mudzabwera kudzandifunsa chiyani? Ine sindilandira mwana amene sindingathe kumuteteza. Sankhani, bambo."

A Jamali anali atavuulapo mitembo m'nyanja imeneyo, ndipo ankadziwa kuti madzi safuna kuya kuti aphe munthu. Anaima chomwecho, mkwiyo ndi mantha zikulimbana pankhope pawo.

"Ababa," anatero Asiyatu motsitsa, "kuja anandithawa chifukwa zinawadzidzimutsa. Kuno ndikufuna adziwiretu. Woseka aseke, koma pakhale mmodzi wodziwa chochita."

Belu la buleki linalira. Aphunzitsi anayamba kudutsa pakhonde kulowa m'chipinda chawo chopumira, makapu a tiyi ali m'manja. A Jamali anawayang'ana mmodzimmodzi kudzera pakhomo. Awiri anali makasitomala awo a chambo. Wina ankaswali nawo mzere umodzi kumzikiti Lachisanu.

"Ndiye muwauza kuti chiyani, Madamu?" anafunsa mwaukali.

"Kuti akagwa amugwire mwamphamvu, amuike supuni m'kamwa kuti asalume lilime..."

"Supuni! Mukufuna kumugulula mano? Wallahi, mundiphera mwana!" A Jamali anaomba m'manja kamodzi. "Samuika kanthu m'kamwa. Samupanikiza, samuthira madzi. Anakuphunzitsani ndani zimenezo?"

"Ndi mmene tinkamvera," anavomera Mayi Chimphepo, manyazi pang'ono ali nawo. "Nanga amatani?"

Bambowo anatuluka muofesimo. Anavula nsapato pakhomo la chipinda cha aphunzitsi ngati akulowa mumzikiti, n'kupereka moni. Makapu anaima m'malere. Asiyatu anaima kumbuyo kwa Mayi Chimphepo.

"Ine ndine Jamali, mumandidziwa," anayamba motero. "Uyu ndi mwana wanga Asiyatu. Abwera kudzaphunzira pano. Ali ndi khunyu."

A Jamali anakankhira mipando kumbali, napinda mkanjo wawo woyera uja, n'kugona pansi pasimenti yafumbi pamaso pa aphunzitsi onse.

"Choyamba muchotse madesiki asamupweteke. Pansi pa mutu muike juzi. Kugwedezeka kukangoleka, mumugoneke cham'mbali, chonchi, kuti malovu atuluke. Kukapitirira mphindi zisanu, thamangani naye kuchipatala. Akatsitsimuka musamuunjirire, mumutchule dzina lake mofatsa, amve kuti ali ndi anthu. Inu aphunzitsi a tayi, ikani kapuyo. Bwerani munditembenuze, ndione ngati mwamva."